Mawu Amene Amatsala M'khutu Wolankhula Akakhala Pansi

Pa 12 Julayi 2013, tsiku limene ankakwanitsa zaka 16, Malala Yousafzai anaima kulikulu la bungwe la United Nations mumzinda wa New York kuti alankhule kwa achinyamata mazanamazana ochokera m'mayiko osiyanasiyana. Panali patangodutsa miyezi isanu ndi inayi chimuwombereni zigawenga za Taliban kumanzere kwa chipumi, pa 9 Okutobala 2012, akuchokera kusukulu m'chigwa cha Swat ku Pakistan. Aliyense amene anali m'holomo nkhaniyi ankaidziwa kale, choncho mtsikanayu analibe chachilendo choti awauze. Komabe zimene ananena tsikulo anthu akuzikumbukabe, ndipo mbali ina ya chifukwa chake ili m'mene mawuwo anayalidwira.

Atafika pa nkhani ya kuwomberedwa kwake sanachedwepo. Anati zigawengazo zinkaganiza kuti zipolopolo ziwatseka pakamwa iye ndi anzake, koma zinalephera. Kenako anati m'moyo wake simunasinthe kanthu kupatula ichi: kufooka, mantha ndi kutaya mtima zinafa, nyonga, mphamvu ndi kulimba mtima zinabadwa. Zinthu zitatu zafa, zinthu zitatu zabadwa. Wina amene analibe pepala kapena cholembera akanatha kutuluka nacho chiganizochi n'kukachinena kunyumba osalakwitsa.

Vuto la wolankhula pagulu n'lakuti khutu silibwerera mzere. Wowerenga akasokonezeka amakweza maso n'kuwerenganso, koma mwana wa Fomu 2 amene wakhala pabenchi ya kumbuyo, dzuwa likumuwomba, mnzake akumunong'oneza, akaphonya chiganizo ndiye kuti chapita. Iye saona mpumiro, saona pothera ndime, sadziwa kuti mfundo yaikulu ili pati. Wolankhula ayenera kumuikira zizindikiro zomveka ndi khutu. Kutchula zinthu m'magulu a zitatu, kuika zinthu ziwiri zotsutsana pafupi, ndi kubwerera ku mawu amene ananenedwa poyamba, zonsezi ntchito yake ndi imeneyo. Sizokometsera chabe. Zimauza womvera kuti mfundo yayamba apa, ikupita uku, yathera apa.

Pali anthu amene anachita kukhala pansi n'kuziwerenga zimenezi. Katswiri wina wa ku Britain, a Max Atkinson, anamvetsera matepi a misonkhano ya ndale pofuna kudziwa kuti anthu ambirimbiri osadziwana amadziwa bwanji nthawi yoyamba kuwomba m'manja limodzi popanda wowalamula. M'buku lawo la mu 1984 anasonyeza kuti kawirikawiri m'manja mumalira wolankhula akangomaliza kutchula chinthu chachitatu, kapena akangomaliza mbali yachiwiri ya zinthu zotsutsana, ndipo kuwombako kumatenga masekondi pafupifupi asanu ndi atatu. Patapita zaka ziwiri, a John Heritage ndi a David Greatbatch anatulutsa kafukufuku wa zolankhula 476 za pamisonkhano ikuluikulu ya zipani za ku Britain ya mu 1981. Anapeza kuti mwa njira zonse zimene anaziunika, kusiyanitsa zinthu ziwiri ndiko kunkautsa m'manja kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Womvera akamva mbali yoyamba amadziwiratu kuti yachiwiri ikubwera ndiponso kuti chiganizo chithera pomwepo, ndiye amakonzekera.

Nanga bwanji zitatu, osati ziwiri kapena zisanu? Chinthu choyamba chimangokhala chinthu. Chachiwiri chikabwera, khutu limazindikira kuti pali mndandanda. Chachitatu chimatsimikiza mndandandawo n'kuutseka. Mayi Gail Jefferson, amene ankaunika macheza wamba a anthu, anaona kuti ngakhale pocheza munthu akatchula zinthu ziwiri, chachitatu n'kumusowa, amaikapo mawu ongodzazira malo monga "ndi zina zotero", ndipo mnzake amadikira malo achitatuwo asanayambe kuyankha. Aliyense amene anamvapo mayi akutuma mwana kuti akagule "mchere, sopo, ndi tina n'tina" akudziwa zimene mayi Jefferson ankanena.

Malala anaigwiritsa ntchito njirayi pa malo ovuta kwambiri a zolankhula zake, pamene ankafotokoza chifukwa chimene sakumusungira chidani munthu amene anamuwombera. Anati chifundo anachiphunzira kwa Mtumiki Muhammad, Yesu Khristu ndi Buddha. Mtima wofuna kusintha zinthu anautenga kwa Martin Luther King, Nelson Mandela ndi Muhammad Ali Jinnah. Kukana chiwawa anakuphunzira kwa Gandhi, Bacha Khan ndi Mayi Teresa. Mayina asanu ndi anayi akanatchulidwa mondondozana akanamveka ngati kaundula wa m'kalasi. Atawaika atatuatatu, gulu lililonse ndi phunziro lake, womvera anatha kuwanyamula. Ndipo taonani mmene anawasankhira: gulu loyamba lili ndi zipembedzo zitatu, lachiwiri lili ndi Mmereka, Mwafirika ndi tate wa dziko la Pakistan. Pafupifupi aliyense m'holomo anamvamo dzina la kwawo. Atamaliza mayina akuluakuluwo anatsika n'kunena kuti kukhululuka anakuphunzira kwa bambo ndi mayi ake, ndipo kutsikako kunamveka chifukwa khutu linali litazolowera kale kukwera.

Pali kachilema kamodzi m'chiganizo chotchuka chija kamene kangaphunzitse wolankhula aliyense. Pa zitatu zimene zinabadwa, nyonga ndi mphamvu n'zinthu zoyandikana kwambiri, moti chimodzi chikuoneka kuti chinabwera kudzakwaniritsa chiwerengero kuti chifanane ndi zitatu zimene zinafa. Kwa Malala sizinaononge kanthu, popeza amene ankalankhula ndi munthu amene chipolopolo chinamupyoladi. Koma mlendo wolemekezeka amene amauza ana asukulu kuti akhale "akhama, olimbikira ndi osatopa" wanena chinthu chimodzi katatu, ndipo anawo amamva kuti m'katimo mulibe kanthu. Njira yodziyesera ndi yapafupi: chotsani chimodzi mwa zitatuzo. Ngati tanthauzo silinachepe, panalibe zitatu.

Chachitatu ndicho chiyenera kulemera kuposa zinzake. Chikhoza kukhala chachitali, kapena chokhudza mtima kwambiri, kapena chodzidzimutsa. Anthabwala amakonda chodzidzimutsacho: ziwiri zoyamba zimalozera njira imodzi, chachitatu chimakhota, anthu n'kuseka. Kwa achinyamata kuseka kumeneku n'kofunika, chifukwa ambiri amafika pamsonkhano wotere atakonzekera kudzudzulidwa.

A Steve Jobs, polankhula kwa omaliza maphunziro pa yunivesite ya Stanford pa 12 Juni 2005, anagwiritsa ntchito zitatu m'njira inanso, monga mafuwa a zolankhula zonse. Poyamba penipeni anati afotokoza nkhani zitatu zokha za m'moyo wawo. Yoyamba inali ya kusiya koleji ya Reed patangotha miyezi isanu ndi umodzi, yachiwiri ya kuchotsedwa ntchito ali ndi zaka 30 pa kampani ya Apple imene anaiyambitsa okha ndi mnzawo, yachitatu ya matenda a khansa ndi imfa. Womvera akauzidwa chonchi amadziwa pamene ali paulendo. Ikatha nkhani yachiwiri amadziwa kuti yatsala imodzi, ndipo amapirira. Zonse zinatha m'mphindi pafupifupi 15.

Kusiyanitsa ndi njira imene Achewa sachita kuphunzira kwa wina, popeza miyambi yambiri inamangidwa motero. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mbali ziwirizo zimakhala zofanana kutalika ndi kamangidwe, ndipo mawu osiyanawo amaima pa malo ofanana, pamphuno apa, pachala apo. Kufanana kwa zina zonse ndiko kumachititsa kuti kusiyanako kuonekere. Wolankhula akatalikitsa mbali yoyamba ndi mawu khumi ndi asanu, yachiwiri n'kukhala ndi atatu osagwirizana nayo, khutu limataya chingwe.

Dongosolo lake nalonso lili ndi lamulo: chimene mukuchikana chiyambe, chimene mukufuna anthu atenge chithere. Malala sananene kuti kulimba mtima kunabadwa kenako mantha anafa. Imfa inatsogola, kubadwa kunatsiriza, chifukwa mawu omaliza ndiwo amatsala m'khutu wolankhula akapuma. Penanso analumikiza njira ziwirizi mwaluso. Anati kufunika kwa kuwala timakuzindikira tikaona mdima, kufunika kwa mawu athu timakuzindikira akatitseka pakamwa, ndipo iwo ku Swat anazindikira kufunika kwa zolembera ndi mabuku ataona mfuti. Ziwiri zoyambazo n'zimene aliyense angavomereze popanda kuganiza. Zinabwera kudzatsegulira njira chachitatu, chimene ndi chake yekha, cha malo ake enieni, ndipo chili ndi zinthu zogwirika ndi manja.

Apa ndi pamene olankhula kwa achinyamata amalakwitsa kwambiri, ndipo kulakwa kwake sikukhala kwa galamala. Kusiyanitsa kumamveka ngati choonadi ngakhale pamene ndi bodza. Munthu akaima pamaso pa ana n'kunena kuti olimbikira amalemera, aulesi amasauka, chiganizocho chimalira bwino, koma m'kalasimo muli mwana amene mayi ake amadzuka tambala woyamba kupita kumunda chaka chonse ndipo pakhomo palibe kanthu. Mwanayo amadziwa kuti zanenedwazo si zoona, ndipo kuyambira pamenepo samvanso china. Choopsa china ndi kugawa omvera pawiri, anzeru ndi mbuli, okhoza ndi olephera, chifukwa theka la holoyo limadziika lokha ku mbali yonyozekayo. Kusiyanitsa kotetezeka kumaika mbali zonse ziwiri mwa munthu mmodzi kapena m'nthawi ziwiri: dzulo ndi lero, zimene anthu ankayembekezera ndi zimene zinachitika. Ngakhale Malala, amene anali ndi adani enieni, ananena kuti akufuna maphunziro a ana aamuna ndi aakazi a zigawenga zomwezo.

Njira ya kubwerera ku mawu akale ili ndi chitsanzo chabwino cha kwathu konkuno. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo ali ndi zaka 14 atasiya sukulu chifukwa cha njala ya mu 2001, anaitanidwa ku msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, mu 2007. Anali ndi mantha, Chingerezi chinamuthawa, ndipo anangoyankha mafunso mwachidule. Mwa zochepa zimene ananena munali mawu akuti anayesa ndipo zinatheka, ndipo anthu anawakonda. Mu 2009 anaitanidwanso, ulendo uno ku Oxford. Anayamba ndi kukumbutsa anthu za ku Arusha, n'kutchula zitatu: asanapite kumeneko anali asanachokepo kwawo, anali asanagwirepo kompyuta, anali asanaonepo intaneti. Anaseketsa anthu pofotokoza mmene mantha anamugwirira ataona azungu ambiri chotero. Kenako anabwerera m'mbuyo n'kufotokoza za njala, za kudya kamodzi patsiku, za laibulale ndi buku limene linali ndi chithunzi cha makinawo, za zitsulo zotola kudzala, ndi za anthu amene ankati wapenga, kuphatikizapo mayi ake. Nkhaniyo inayenda mpaka inafikanso pa nsanja ya ku Arusha ija, ndipo pamenepo anabwereza mawu ake aja, akuti anayesa ndipo zinatheka.

Mawuwo anali omwewo, koma katundu wake anali atasintha. Mu 2007 anali mawu a mnyamata wosowa chonena. Mu 2009, womvera atadutsa m'njala ndi m'kunyozedwa, mawu ochepa omwewo ananyamula nkhani yonse. Apa ndiye pagona kusiyana kwa kubwerera ndi kungobwereza. Kubwereza kumabwezera chinthu mmene chinalili. Kubwerera kumachibweretsa chitakula, chifukwa cha zimene zanenedwa pakati. Womvera amasangalala chifukwa wachizindikira yekha, ndipo onse m'holo amakhala ngati ali ndi chinsinsi chimodzi. Amene anakulira pa nthano za madzulo amadziwa kuti kanyimbo ka m'nthano kakabwera kachitatu ana amakalandira okha, ndipo kawirikawiri ndi paulendo umenewo pamene zinthu zimatembenuka.

Malala nayenso anadzala zolembera ndi mabuku pakati pa zolankhula zake, anazikhudzanso ponena kuti zigawenga zimaopa mabuku ndi zolembera, ndipo kumapeto anauza achinyamata anzake kuti azinyamule popeza ndizo zida zawo zamphamvu. Chiganizo chake chotchuka cha kumapeto chili ndi zinthu zinayi, mwana mmodzi, mphunzitsi mmodzi, cholembera chimodzi ndi buku limodzi, ndipo palibe amene anadandaula kuti zapitirira zitatu. Cholembera ndi buku zinali zitayendera limodzi kuyambira kale moti khutu linazimva ngati chinthu chimodzi.

Tiyerekeze tsopano kuti namwino wina waitanidwa ku sekondale yoyendera imene anaphunzirako, kuti akalankhule kwa a Fomu 4 kwa mphindi khumi mayeso a MSCE atayandikira. Zimene walemba poyamba zikuti ana alimbikire, apewe makhalidwe oipa, alemekeze aphunzitsi, asamale nthawi, apemphere, ndiponso akhale ndi masomphenya. Zonsezi n'zoona, ndipo palibe chimene chidzakumbukike pofika Lolemba. Choyamba ayenera kusankha mfundo imodzi. Tinene kuti wasankha yakuti zochepa zimene mwana ali nazo n'zokwanira kuyambira. Kenako afufuze m'moyo wake chinthu chimodzi chooneka ndi maso chimene chinganyamule mfundoyo, ndipo wakumbukira kuti ali Fomu 3 anali ndi kope limodzi lokha la maphunziro onse.

Akatha kupereka ulemu kwa aphunzitsi aakulu ndi makolo, adzale kopelo m'mphindi yoyamba, mopepuka, ngati nthabwala: "Achimwene ndi achemwali anga, ine ndinali ndi kope limodzi. Kutsogolo masamu, kumbuyo Chichewa, pakati ngongole za mandasi." Ziwiri zoyamba zalozera ku maphunziro, chachitatu chakhota, ana aseka, ndipo chifukwa aseka kopelo alikumbukira. Asafotokoze tanthauzo lake panopa. Akalifotokoza, kumapeto sikudzakhalanso choti womvera atulukire yekha.

Pakati, cha pa mphindi yachisanu, alikhudze pang'ono pofotokoza chaka chimene analephera masamu n'kubwereza kalasi. Apa ndi pamene kusiyanitsa kungalowe, mbali zonse ziwiri zili mwa iye mwini: "Chaka choyamba ndinkalemba kuti aphunzitsi aone. Chaka chachiwiri ndinkalemba kuti ine ndimve." Akanena mbali yoyamba apume pang'ono, kuti khutu liyambe kudikira inzake, ndipo akanena yachiwiri apume kwambiri. Ambiri amaononga chiganizo chabwino pothamangira chotsatira, moti ana amene amafuna kuwomba m'manja amabweza manja awo.

Pa mphindi yachisanu ndi chinayi kope libwere komaliza, litasintha. Anene kuti lero kuwodi amalemba m'mabuku ambiri, la mankhwala, la odwala, la obadwa kumene, koma dzanja lolembamo linaphunzira kusataya mzere m'kope limodzi lija. Kenako alitembenuzire kwa iwo, awafunse chimene ali nacho m'chikwama lero, n'kukhala pansi. Mawu otchulira kopelo akhale omwewo maulendo onse atatu. Akati "kope limodzi" poyamba, kenako "buku langa lolembamo", womvera sazindikira kuti ndi chinthu chomwecho.

M'mphindi khumi zimenezi muli gulu la zitatu kawiri, kusiyanitsa kamodzi, ndi chinthu chimodzi chobwererako. Muyeso umenewu ndi wokwanira. Chiganizo chilichonse chikakhala ndi zitatu, ana amayamba kuwerenga ndi zala m'malo momvera, ndipo achinyamata a masiku ano, amene amaonera olankhula ambiri pafoni, sachedwa kumuzindikira munthu amene akuwaseweretsa ndi mawu. Zobwererako zikachuluka zimapikisana zokha. Palinso ngozi ya kubwerera ku nthabwala imene sinaseketse poyamba. Ngati ana sanaseke za mandasi, namwinoyo azisiye, atsale ndi kope lokha.

Wolankhula m'Chichewa ali ndi mwayi wake komanso msampha wake. Mwayi ndi wakuti mawu a gulu limodzi amayamba mofanana, monga kudzuka, kuyenda, kufika, choncho zitatu zimalira bwino popanda kuvutikira. Msampha ndi womwewo: kulira bwinoko kumabisa kupanda tanthauzo. Komanso mawu athu ndi aatali, moti zitatu zimene papepala zimaoneka zazifupi zikhoza kumutha munthu mpweya asanafike pa chachitatu, chimene chimafuna mphamvu kwambiri. N'chifukwa chake zolankhula ziyenera kuyesedwa mokweza, munthu ataimirira, ndipo gulu la zitatu lililonse likwane mu mpweya umodzi.

Kuyesa kwina kumafuna munthu wa msinkhu wa omverawo. Namwinoyo amulankhulire mng'ono wake kapena mwana wa mlongo wake zonsezo kamodzi, asamufunse kanthu tsiku limenelo, ndipo mawa lake amufunse zimene akukumbukira. Mwanayo akatchula kope n'kulephera kunena chifukwa chake linatchulidwa, ndiye kuti kubwerera komaliza sikunalumikizane ndi mfundo, ndipo mphindi yachisanu ndi chinayi ilembedwenso. Akatchula mandasi okha, nthabwalayo yakula kuposa ntchito yake ndipo ifupikitsidwe. Akanena mbali imodzi yokha ya chaka choyamba ndi chachiwiri chija, mbali ziwirizo sizinafanane mokwanira, ndipo mawu ena ayenera kuchotsedwa ku mbali imene yatalika.